Ndinanamiza mng'ono wanga kuti bambo ali bwino: Bentham ndi Kant angati chiyani?

Tadala: Moni nonse. Ndangoyamba kumene kuphunzira filosofi, ndipo tafika pa magulu awiri aja, loti chabwino chimadziwika ndi zotsatira zake ndi loti pali udindo umene munthu sayenera kuuphwanya. Ndimawerenga koma sizimalowa. Tsopano zandipeza kunyumba. Lolemba usiku bambo anagonekedwa m'chipatala, adokotala akuti ndi sitiroko yaing'ono. Akuyankhula, koma dzanja lamanja lafooka, ndipo akuti masiku oyambawa ndi ofunika kuwayang'anira kwambiri. Mng'ono wanga ali kutali, akulemba mayeso omaliza, watsala ndi mapepala awiri, Lachisanu ndi Lolemba likubwerali. Amayi anandiuza kuti asamve kanthu mpaka atamaliza. Dzulo wandiimbira, akuti, "Achemwali, foni ya bambo siikupezeka, ali bwino?" Ine ndinayankha kuti ali bwino, foni yangowonongeka. Anaseka nadula. Kuchokera dzulolo mtima sukukhala m'malo. Sindikufuna kuti mundipepese. Ndikufuna kumvetsa kuti magulu awiriwa angaione bwanji nkhani yangayi, mwina apa ndiye ndingawamve.

Kondwani: Pepani ndi matenda, achemwali. Kwa ine nzosavuta. Gulu la zotsatira, lija amati yutilitariyanizimu, limati chita chimene chikondweretse anthu ambiri. Amayi akondwa, bambo akondwa, mng'ono wanu alemba mayeso mtima uli pansi. Anthu atatu. Wovutika ndi inu nokha. Ndiye munachita bwino. Kant yekha, wa gulu la udindo lija, ndi amene angakudzudzuleni, chifukwa iye amati lamulo ndi lamulo basi.

Yamikani: Ine ndikuona ngati ngakhale mbali ya udindo simunalakwe. Amayi anakulamulani. Udindo wa mwana ndi kumvera kholo. Mukanaulula ndiye mukanaphwanya udindo.

Mayi Mbewe: Tadala mwana wanga, pepa, bambo achire msanga. Ndinaphunzitsa phunziro limeneli zaka zambiri, ndiye ndilole ndiyende nawe pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi a Kondwani, chifukwa agwira theka. Jeremy Bentham, amene anakhazika chiphunzitso chimenechi m'buku limene linatuluka mu 1789, sankawerenga mitu ya anthu ngati chisankho. Ankawerenga kuchuluka kwa chimwemwe ndi ululu. Munthu mmodzi wovutika koopsa akhoza kulemera kuposa anthu atatu osangalala pang'ono. Ndiye pa ululu kapena chimwemwe chilichonse ankafunsa kuti nchachikulu bwanji, chikhalitsa nthawi yotani, nchotsimikizika bwanji kuti chichitika, chibala zina zotani pambuyo pake, ndipo chikhudza anthu angati. Chiwerengero cha anthu ndi funso limodzi chabe mwa mafunso amenewa.

Tiyeni tiyese pa nkhani ya Tadala. Ukamuuza lero, chimene tikudziwa ndithu nchakuti adandaula. Mwina sagona, mwina alemba Lachisanu maganizo ali kuchipatala, mwinanso asiya mayeso nkubwera. Akalephera kapena akasiya, ululu wake si wa sabata imodzi, akhoza kutaya chaka chathunthu. Umenewu ndi ululu waukulu ndithu, wokhalitsa, ndipo mwayi woti uchitike si wochepa.

Ukapanda kumuuza, pali njira ziwiri. Bambo akachira, iye amva Lolemba madzulo, akwiya pang'ono kapena kwambiri, kenako zitha. Koma zikavuta masiku asanu amenewa asanathe, ndiye kuti wamulanda mwayi woyankhula ndi bambo ake komaliza, ndipo zimenezo adzazinyamula moyo wake wonse. Ululu umenewu mwayi wake ndi wochepa, koma kukula kwake nkoopsa. Wotsatira Bentham amayenera kuika ziwirizi pa sikelo, kukula kuchulukitsa ndi mwayi. Nchifukwa chake funso loyamba limene angakufunse si loti "kodi kunama nkoipa?" ayi. Angakufunse kuti, "Adokotala anati chiyani kwenikweni?"

Kondwani: Ndamva, mayi. Koma ndiye yankho likadali lomwelo, si choncho? Adokotala ati ndi yaing'ono.

Mayi Mbewe: Mwina likadali lomwelo, koma onani kuti lapachikika pa mawu a adokotala. Mawa akanena kuti zasintha, chiphunzitso chomwechi chimuuza Tadala kuti aimbe foni nthawi yomweyo. Bodza lomwelo limene dzulo linali labwino likhala loipa, ngakhale Tadala sanasinthe mtima. Ena amati apa ndiye mphamvu yake, kuti chimayenda ndi mmene zinthu zilili. Ena amati apa ndiye pofooka pake.

Ndipo pali chinthu china chimene simunachiike pa sikelo. Mng'onoyu akadzadziwa, kuyambira tsiku limenelo mawu oti "ali bwino" ochokera kwa mkulu wake sadzakhalanso ndi tanthauzo. Chaka chamawa foni ya amayi ikadzawonongekadi, Tadala nkunena zoona, iye sadzakhulupirira. Chimenecho ndi chotsatiranso, ndipo chimakhalitsa.

Nabanda: Apa pokha ndilankhulepo, chifukwa ine ndinali mng'onoyo. Agogo anga amene anandilera anadwala ndili kusukulu, zaka zambiri zapitazo. Onse anagwirizana zondibisira. Ndimaimba, akuti agogo agona. Ndimaimbanso, akuti apita kukaona anzawo. Ndinalemba mayeso bwinobwino, ndinakhoza, ndipo agogo anachira. Mwa masamu a Bentham aja zonse zinayenda. Koma nditafika ndinawapeza ataonda, zibangili zawo zikuvuka zokha pa mkono, ndipo chimene chinandipweteka sichinali matendawo. Chinali choti anthu asanu anakhala pansi nkugamula kuti ine sindingathe kunyamula nkhani ya agogo anga omwe. Palibe anandifunsa. Mpaka lero mchimwene wanga akati "kuno kuli bwino" ndimaimbira munthu wina kuti nditsimikize. Sindikuti Tadala walakwa. Ndikungonena kuti kwa ine sizinathe ndi kukwiya pang'ono.

Tadala: A Nabanda, mwandikhudza. Chimene ndikuopa ndi chimenecho.

Mayi Mbewe: A Nabanda, mwanena za Kant bwino kuposa mmene ine ndikananenera. Taonani chimene chinawapweteka. Sanati zinthu zinatha moipa, zinatha bwino. Ati anthu anagamula m'malo mwawo. Pamenepo ndi pamene pali mtima wa chiphunzitso cha udindo.

Koma ndiyambe ndakonza za a Yamikani. Udindo umene Immanuel Kant amanena si lamulo lochokera kwa kholo, kwa bwana kapena kwa boma. Amayi atamutuma Tadala kuti akabe mankhwala, kumvera sikungakhale udindo. Kwa Kant udindo munthu amaupeza ndi nzeru zake, ndipo m'buku lake la 1785 anapereka njira yoyesera. Tenga mfundo imene ukuyendera pochita chinthucho, uinene momveka, kenako udzifunse ngati ungafune kuti ikhale lamulo la munthu aliyense. Mfundo ya Tadala dzulo inali yakuti, "Ndikaona kuti choonadi chisokoneza munthu amene ndimamukonda, ndimuuza zabodza." Tsopano tayerekeza kuti aliyense amayendera mfundo imeneyi, ndipo aliyense akudziwa kuti anzake amatero. Mng'ono wako akufunsa kuti bambo ali bwino, iwe ukuti eya. Kodi "eya" ameneyo amutonthoza? Ayi, chifukwa akudziwa kuti ukanayankha chimodzimodzi ngakhale zinthu zitavuta. Bodza lako linagwira ntchito dzulo chifukwa chakuti iye amakhulupirira kuti iwe sunama. Ndiye kuti unadalira lamulo limene iwe mwini unadzichotsamo. Kant akuti kulakwa kuli pamenepo, ndipo kunachitika kale dzulo pa foni paja. Sikukudikira kuti tione ngati bambo achira.

Njira yake yachiwiri ndi ija ya a Nabanda. Akuti usamutenge munthu ngati chida chokha chofikira pa cholinga chako, ngakhale cholingacho chikhale chabwino. Munthu ali ndi nzeru zosankhira yekha. Ukamunamiza, umamuyendetsa kupita kumene iwe wasankha, ndipo iye sangavomereze chifukwa sakudziwa nkomwe kuti pali chovomereza. Mng'ono wako akanatha kusankha kulemba mayeso atalankhula ndi bambo kwa mphindi ziwiri. Akanatha kusankha kubwera. Akanathanso kunena kuti musandiuzenso kanthu mpaka Lolemba. Zonsezi zinali zake.

Yamikani: Chabwino mayi, ndavomera kuti sindinamve bwino tanthauzo. Komabe amayi nawonso ndi munthu. Mwamuna wawo ali m'chipatala, apempha chinthu chimodzi. Tadala anavomera. Kuphwanya lonjezo si kulakwanso kwa Kant yemweyo?

Mayi Mbewe: Funso limeneli ndi lolemera kuposa loyamba lija. Zitengera chimene Tadala analonjeza. Ngati analonjeza kukhala chete, ndi lonjezo limene munthu angathe kusunga. Ngati analonjeza kunama, wotsatira Kant anganene kuti analonjeza chinthu chimene analibe ufulu wochilonjeza. Tadala, amayi anati chiyani?

Tadala: Anangoti, "Usamuuze." Sitinaganize zoti afunsa yekha.

Chisomo: Ine Kant ameneyu sindigwirizana naye ngakhale pang'ono. Si yemwe uja ananena kuti chigawenga chikafika pakhomo kufunsa kumene mnzako wabisala uyenera kunena zoona? Munthu woganiza choncho angatiphunzitse chiyani za chifundo? Mwana ali pa mayeso, inu mukufuna amusokoneze chifukwa cha lamulo la m'buku.

Mayi Mbewe: Ndi yemweyo, ndipo sindimuteteza pamenepo. Mu 1797 Mfalansa wina, Benjamin Constant, anatsutsa kuti kunena zoona kukakhala udindo wopanda malire anthu sangathe kukhalira limodzi, ndipo Kant anayankha chaka chomwecho kuti ngakhale kwa wakupha uja suyenera kunama. Ambiri amene amakonda Kant amakana kumutsatira pamenepo. Ine ndine mmodzi wa iwo.

Koma tisatenge nkhani ya chigawenga nkuiphimba pa nkhani ya Tadala, chifukwa zikusiyana pa chinthu chachikulu. Wakupha akufuna choonadi kuti achitire mnzako choipa. Mng'ono wa Tadala akufunsa za bambo ake omubereka. Ngati pali munthu amene choonadi chimenechi ndi chake, ndi iyeyo. Munthu akhoza kukana Kant pa chigawenga nkumuvomera pano.

Chinanso, Kant ankasiyanitsa kunama ndi kusaulula zonse. Sananene kuti uyenera kukhuthula chilichonse chimene ukudziwa. Chimene analetsa ndi kunena chinthu chimene ukudziwa kuti si choona. Ndiye Lolemba usiku ndi Lachiwiri m'mawa, pamene Tadala anangokhala chete, sanali ataphwanya lamulo la kunama. Malire anawadumpha pamene anati foni yawonongeka.

Kondwani: Apa ndiye ndikuona ngati kusewera ndi mawu. Akanati chiyani? "Sindingakuuze"? Mwana aliyense akamva choncho adziwa kuti kwagwa zinazake, ndipo aganiza zoopsa kuposa zenizeni. Kapena akanazemba, nkuti "bambo akupumula, usadandaule", zomwe ndi zoona koma cholinga chake nchomwecho, choti mwana akhulupirire zabodza. Pali kusiyana kwanji?

Mayi Mbewe: Mwagwira penipeni, ndipo sindinamizira kuti ndili ndi yankho loyera. "Bambo akupumula" wonenedwa ndi cholinga chosocheretsa, kwa ine, ali pafupi kwambiri ndi bodza. Mwina amapulumuka pa lamulo la mawu, koma pa muyeso wachiwiri uja sapulumuka, chifukwa ukumuyendetsabe munthu iye osadziwa. "Sindingakuuze" ndi wosiyana. Ndi wowawa, koma mwanayo akudziwa kuti pali chobisika, ndipo akhoza kuumirira kapena kusiya. Chiwongolero chikadali m'manja mwake. Koma mukunena zoona kuti pa foni imeneyo kukana kuyankha kunali ngati kuyankha. Nthawi zina njira yapakati kulibe.

Nabanda: Ine ndikanakonda "sindingakuuze". Ndikanalira, koma ndikanakonda.

Chisomo: Mukunena choncho lero chifukwa munakhoza mayeso aja. Mukanalephera chifukwa chouzidwa, mwina lero mukanakhala mukudandaula kuti bwanji sanadikire masiku asanu okha. Sindikunyoza ululu wanu, achemwali, koma munthu amaona bala limene ali nalo, saona limene anapulumutsidwa.

Nabanda: Mwina. Koma likanakhala bala langa, losankha ndekha.

Tadala: Mayi Mbewe, mu zolemba zathu mulinso John Stuart Mill. Iye ali mbali ya Bentham, eti? Ndiye kuti kwa iye kunama kulibe vuto bola zithe bwino?

Mayi Mbewe: Ali mbali ya Bentham, koma ophunzira ambiri amamunamizira pamenepa. M'buku lake la chiphunzitso chimenechi, limene linayamba kutuluka m'magazini mu 1861, Mill analemba za kunama mwachindunji. Ananena kuti kukhulupirirana pa zimene anthu amanena ndi mzati wa moyo wa anthu pamodzi, ndipo bodza lililonse limaufooketsa pang'ono, komanso limafooketsa chizolowezi cha wonamayo chonena zoona. Ndiye munthu amene akunama kuti apeze phindu la lero nthawi zambiri wawerengera molakwa. Koma anavomera kuti lamuloli lili ndi popatuka, ndipo anatchula zitsanzo ziwiri, kubisira wochita zoipa chimene akufuna kudziwa, ndi kubisira munthu wodwala kwambiri uthenga woipa. Anachenjezanso kuti malire a popatukapo adziwike bwino, kuti pasakule.

Tsopano taona, Tadala. Mng'ono wako si wochita zoipa, ndiponso si wodwala kwambiri. Ndi munthu wathanzi amene ali ndi mayeso. Sindikudziwa ngati Mill akanamulowetsa pa mndandanda umenewo. Zikanakhala kuti mchimwene wa bambo ako wamwalira, ndipo bambo ali pa bedi paja akufunsa, pamenepo Mill akanakhala nawe poyera.

Ndiye usaganize kuti gulu lina limakonda bodza, lina limadana nalo. Onse awiri amati kunama nkoipa. Amasiyana pa chifukwa chake. Mill akuti nkoipa chifukwa cha zimene kumawononga, ndiye pamene sikuwononga, kapena pamene kukupulumutsa chachikulu, kuipako kumachoka. Kant akuti nkoipa chifukwa cha chimene ukumuchita munthu amene ukumunamizayo, ndiye sikuchoka.

Ukafuna kudziwa kumene iwe mwini waima, yesa izi. Yerekeza kuti mng'ono wako sadzadziwa mpaka kale. Bambo achira Loweruka, aliyense asunga pakamwa, iye akhoza mayeso, palibe kukhulupirirana kumene kwagwedezeka. Kodi pamenepo pali chimene unamulakwira? Ukaona kuti palibe, ukuganiza ngati Mill. Ukaona kuti chilipobe, ngakhale palibe amene wapwetekedwa, ukuganiza ngati Kant.

Tadala: Ndayesa. Ndikuona kuti chilipobe. Koma ndikaganiza zomuimbira tsopano, kutatsala tsiku limodzi kuti alembe pepala limene amaliopa kwambiri, manja akunjenjemera. Ndiye ndine wa mbali iti?

Kondwani: Ndinu wa mbali ya Mill amene mtima ukumuluma basi. Kuluma kwa mtima sikutanthauza kuti mwalakwa. Tinaleredwa kuti tizimva choncho tikanama, ndipo ndi bwino kuti timamva choncho, koma si umboni.

Mayi Mbewe: Wotsatira Mill angayankhe chimodzimodzi, a Kondwani, ndipo si yankho lopusa. Koma pali ena amene amati kulumako ndi umboni ndithu. W. D. Ross, mu 1930, analemba kuti tili ndi maudindo angapo, monga kunena zoona, kusunga lonjezo, kusapweteka ena ndi kuthandiza, ndipo nthawi zina amawombana. Pamenepo umayenera kuweruza kuti wolemera ndi uti pa nkhani imeneyo, popanda sikelo imene ingakuwerengere. Koma udindo umene wagonja sufafanizika. Umasiya ngongole. Mwa maganizo amenewa, Tadala akhoza kunena kuti kudikira mpaka pepala lidutse kunali koyenera, nkuvomerabe kuti ali ndi ngongole kwa mng'ono wake, yoti amuuze yekha, asamve kwa wina, ndiponso apepese osadziteteza. Chimene anthu amamudandaulira Ross nchakuti sakuuza mmene ungadziwire udindo wolemera. Amakusiya ndi nzeru zako pamalo pomwe umafuna thandizo.

Yamikani: Pali munthu mmodzi amene tonse sitinamufunse. Bambo akuyankhula, si choncho? Matenda ndi awo, mwana ndi wawo. Iwo akuti chiyani?

Mayi Mbewe: A Yamikani, ine sindinaliganize limenelo, ndipo ndi lofunika mbali zonse ziwiri. Kwa Kant, nkhani ya thupi la bambo ndi yawo, ndipo nawonso tawagamulira osawafunsa. Kwa Bentham, mawu a bambo eni ake pa foni akhoza kuchepetsa kwambiri mantha a mwana, ndiye sikelo yonse ija isintha. Tinaika pa sikelo njira ziwiri zokha, kumuuza kapena kusamuuza, ngati kuti palibe yachitatu. Ndi vuto limene limachitika kawirikawiri ndi masamu amenewa. Amangoyesa njira zimene waziganiza.

Chisomo: Koma wodwala sitiroko mawu amatha kumveka olemera. Mwana akamva bambo ake akukoka lilime ndiye aopa kuposa kale. Ine ndikuumirirabe kuti adikire Lolemba.

Tadala: Ndabwera kuchokera kuchipatala. Ndinawafunsa bambo pamaso pa amayi. Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita dzanja lofooka lija ndi linzake. Kenako anati pepala la mawa alembe asakudziwa, koma akangotuluka ndiwapatse foni alankhule naye okha, asadikire Lolemba. Amayi sanakondwe, akuti pepala la Lolemba nalonso ndi pepala. Sanakane koma.

Chatsala ndi cha usiku uno. Amaimba nthawi zonse asanagone kukakhala mayeso mawa lake. Ndaganiza kuti za foni yowonongeka sindibwerezanso. Akapanda kufunsa, sindiyambitsa. Akafunsa, sindikudziwa chimene chituluke pakamwa panga.

Nabanda: Akafunsa, muuzeni kuti bambo amuimbira okha mawa masana. Ndi zoona, ndipo akafuna kudziwa zambiri afunsanso.

Kondwani: Ndipo akafunsanso?